Ndiwafotokozera bwanji alimi chithunzi cha diripu mu mphindi zochepa?

Funso: "Ndine mphunzitsi wa kopaletivu yathu cha ku Nathenje. Atipatsa zipangizo za mthirira wa diripu pamodzi ndi chithunzi cha kayalidwe ka mapaipi, munda ndi wa mamita 20 mulitali 10 mulifupi, thanki ya malita 1000, tikufuna tibzale tomato. Lachinayi ndili ndi mphindi 20 zokha zoti ndifotokozere mamembala, ambiri sanazolowere zowerenga mapulani. Ndiyambire pati achimwene?"

Yankho:

Aphunzitsi, yambirani pa thanki ndipo pepalalo muyambe mwaliika kaye m'thumba. Ndaonapo kambiri munthu ataima kutsogolo wanyamula pepala m'mwamba nkumaloza timizere, akumbuyo sakuona kanthu, akutsogolo akungogwedeza mutu mwaulemu, pakutha sabata mupeza paipi yayalidwa mokwera phiri. Chithunzi cha diripu chimamveka mukamachiwerenga ngati ulendo wa madzi, pomwe akuchokera, pomwe akudutsa, mpaka pa kabowo komaliza kumapeto kwa mzere. Nde msonkhano wanuwo muuchitire kumunda komweko osati pansi pa mtengo wa kwa amfumu, mutenge kamtengo mujambule pansi chithunzi chomwecho koma chachikulu, zipangizo zenizeni muziike pa malo ake, sefa pamene pali sefa, valuvu pamene pali valuvu, munthu aliyense azitha kugwira ndi manja. Pepala mulitulutse kumapeto penipeni, apo aliyense adzalizindikira yekha.

Ine ndikanakhala inu ndikanayankhula chonchi.

"Amayi ndi abambo, bokosi ili ndajambula apali ndi thanki yathu. Imalowa malita 1000, ndiye kuti ndowa 50 za malita 20 zija timatungira. Ikadzadza imalemera ngati matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50, nde nsanja yake isakhale ya masewera, mitengo yodyedwa ndi chiswe ayi. Pachithunzipa alemba kuti ikhale mamita 2 kuchokera pansi. Chifukwa chake nchoti kuno kulibe injini yokankha madzi m'mapaipi, chimene chikukankha ndi kutalika kwa nsanjaku basi. Mukaitsitsa kuti kuthira madzi kuziphweka, mwachotsa mphamvu ya munda onse."

Apa muimepo pang'ono chifukwa zonse zotsatira zikudalira pamenepa. Mita imodzi iliyonse imene madzi akwera imapereka puleshala yokwana gawo limodzi mwa magawo 10 a baa, womwe ndi muyezo wa puleshala, ndiye nsanja ya mamita 2 ikupatsani 0.2 baa, thanki ikakhala yodzadza mwina kufika 0.3 poti madzi ali pamwamba. Ndi mphamvu yochepa kwambiri, ndipo chilichonse m'chithunzimo anachikonza kuti kamphamvu kochepa kameneka kasatayike m'njira. Alimi simukuyenera kuwauza za baa, inu nokha mudziwe. Iwo muwaonetse ndi botolo la pulasitiki lodzadza madzi, muboole timabowo tiwiri, kena m'munsi kena pafupi ndi kukamwa, aona okha kuti ka m'munsi kakuponya madzi patali pamene ka m'mwamba kakungochucha. Zimatenga mphindi imodzi koma palibe amaiwala.

Kenako mutsike ndi kamtengo kanu.

"Madzi akatuluka mu thanki akumana ndi valuvu yaikulu, iyi ndi chitseko cha munda onse. Akangodutsa apo alowa mu sefa iyi. Taonani pa thupi lake pali kamuvi, kamuvi kameneka kaziloza kumunda, osati ku thanki. Tiyeni tiitsegule muone m'kati."

Muitsegule ndithu pamaso pawo, muipereke iyende m'manja mwa anthu, makamaka amene azidzathirira tsiku ndi tsiku, nthawi zambiri amakhala amayi koma pa maphunziro amakhala kumbuyo. Sefa zambiri za diripu zimakhala za meshi 120, timaso take nting'onoting'ono zedi moti ngakhale madzi ooneka oyera a pachitsime amasiyamo matope. Kanjira ka madzi m'kati mwa kabowo ka diripu nkopyapyala ngati singano ndipo kamakhotakhota, mchenga pang'ono kapena ndere zikalowamo basi katsekeka, ndipo simungakatokose ndi minga ayi, mukatero mwakakulitsa nde kazitulutsa madzi ambiri kuposa tinzake.

Ndikuuzeni zimene ndinakumana nazo ndekha pa gulu lina mbali ya ku Mitundu. Anandiitana kuti diripu yafa patangotha masabata atatu, ndipo anali atakwiya ndithu ati zipangizozi nzachinyengo. Nditafika ndinayamba pa thanki monga ndikukuuziranimu, kufika pa sefa ndikutsegula ndipeza m'kati mulibe kanthu, chikhokhombe chokha. Bambo wina amene ankathirira anati madzi ankachedwa kutuluka, atachotsa kam'katiko anaona kuti ayamba kuthamanga nde anakasunga kunyumba bwinobwino mu jumbo. Sanalakwe mwadala, palibe anamuuza kuti madzi akamachedwa ndiye kuti sefa yagwira ntchito yake ndipo ikufuna kutsukidwa. Iwo amapopa madzi a m'dambo ndi thiredo pampu, matope onse analowa m'mizere, pafupifupi theka la timabowo tinali titatsekeka. Tinatsegula kumapeto tinatsuka tsiku lonse, tina tinabwerera tina ayi. Kuyambira pamenepo sefa ndimaipatsa nthawi yambiri kuposa china chilichonse. Muwauze momveka, ngati madzi ndi a mumtsinje kapena m'dambo azitsuka tsiku lililonse asanatsegule valuvu, atseke valuvu yaikulu kaye, achotse kam'kati, atsuke mu ndowa ya madzi oyera ndi kamswachi kofewa, abwezeretse pamodzi ndi kamphira kake. Thanki izikhala yovindikira, dzuwa likamalowa mumamera ndere, ndipo pothira madzi aziika nsalu pakamwa pa thanki.

Tsopano mwafika pa mizere, apa mpamene chithunzi chimasokoneza anthu chifukwa mizere ina ndi yonenepa ina yopyapyala.

"Mzere wonenepa uwu ndi paipi yaikulu, ikuyenda m'mbali mwa munda kumutu, mbali ya mamita 10 ija. Iyo siithirira, ntchito yake nkunyamula madzi basi ngati msewu waukulu. Timizere topyapyala tikuchoka pa iyo kulowa m'munda ndi timapaipi todontha, pali 10, kalikonse nkotalika mamita 20, pakati pa kena ndi kanzake pali mita imodzi. Timadontho mukuona pa timizereti ndi timabowo, totalikirana masentimita 30, ngati rula ya mwana wa sukulu. Poyala timabowoti tiziyang'ana kumwamba, kuti matope akakhazikika pansi pa paipi asatseke."

Ndatenga mizere 10 ndi masentimita 30 poti ndi mmene zimakhalira kawirikawiri pa munda wa kukula koteroko, inu muwerenge pa pepala lanu ndipo ngati pali kusiyana musinthe manambala, kawerengedwe kake nkomweko. Mamita 20 kugawa ndi masentimita 30 zikupereka timabowo pafupifupi 66 pa mzere, mizere 10 ndiye 660. Tomato mukamubzala motalikirana masentimita 60 mu mzere, mtengo uliwonse uli ndi timabowo tiwiri touthirira, mitengo 33 pa mzere, 330 munda onse. Nkofunika kuti alimi amve kuti mbande ikutsatira paipi, osati paipi kutsatira mbande. Ayale kaye mapaipi, atsegule madzi, pamene panyowa mpamene abzale, pambali pang'ono pa kabowo ngati kutalika kwa chala. Ena amabzala kaye mwa chizolowezi chawo kenako nkumakhotetsa paipi kuti ifike pa mbewu, ikapindika madzi sadutsa.

Pali chinthu chimodzi chimene pepala silingakuuzeni, ndipo ndi chimene ndikufuna mukaone inu Lachinayi lisanafike. Pepala ndi lathyathyathya koma munda wanu sichoncho. Minda yambiri ya kumadimba kwathu kuno imatsetsereka kulowera kudambo olo diso lisaone bwino. Thanki ikhale mbali ya kumtunda, ndipo timapaipi todontha tiyende mopingasa chitsetserekocho monga timachitira ndi mizere ya akalozera, tisakwere phiri. Taganizani, muli ndi mphamvu ya mamita 2 okha, ngati kumapeto kwa mzere kwakwera ndi theka la mita ndiye kuti mbewu za kumeneko zataya gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvuyo madzi asanayambe nkuyenda komwe. Nde ngati chithunzi chaika thanki kumanzere koma kumtunda kwa munda wanu ndi kumanja, tembenuzani pepalalo, palibe cholakwika. Poyeza gwiritsani ntchito levulo ya chingwe imene alangizi amagwiritsa popanga akalozera, kapena kapaipi koonekera m'kati kodzadza madzi kaja amagwiritsa amisiri omanga nyumba.

Funso limene lidzabwere, ndikutsimikiza, ndi lakuti bwanji tiwonjezere mizere ifike uko kwa anzathu poti mapaipi atsalako. Muwayankhe mofatsa kuti madzi akamayenda m'kapaipi ka mamilimita 16 amataya mphamvu pang'onopang'ono, mzere ukatalika mopitirira zimene anajambula a kumayambiriro amamwa bwino a kumapeto nkumangonyambita. Thankinso ndi yomweyo. Munda ukakula pafunika chigawo china cha mizere ndi madzi ena, osati kulumikiza paipi kumchira.

Pa paipi yaikulu muona timavaluvu tiwiri ting'onoting'ono, kapena ngati sanaike ndi bwino muike, tikugawa munda pawiri, mizere isanu mbali iyi isanu mbali inayo, mbali iliyonse timaitcha buloko.

"Sitimatsegula zonse nthawi imodzi. Titsegula buloko yoyamba, thanki ikafika pakati titseka, titsegula yachiwiri. Mawa tiyambira yachiwiri."

Zosinthanazi zili ndi chifukwa chake. Thanki ikakhala yodzadza madzi amatuluka mwamphamvu, ikamatsika mphamvu imatsikanso, ndiye buloko imene imakhala yomaliza masiku onse kumapeto kwa mizere yake kumalandira mofooka masiku onse. Ndiponso musawaphunzitse kuthirira ndi wotchi yokha, jambulani mzere ndi penti pakati pa thanki, ngati ndi yakuda yosaoneka m'kati dulani ndodo yoyera yoviika muikepo chizindikiro. Mlimi aziwerenga malita amene atuluka.

Nanga madzi angati pa tsiku? Apa ndi pamene mungawagwire mtima. Milimita imodzi ya madzi ndi lita imodzi pa sikweya mita imodzi. Munda wanu ndi masikweya mita 200. Tomato wamkulu amene akuchita maluwa ndi kubereka, nyengo yotentha ya Okutobala kuno ku Lilongwe, muwerengere mamilimita 5 pa tsiku, ndiye 200 kuchulukitsa ndi 5 ndi malita 1000, thanki imodzi yathunthu tsiku lililonse, pafupifupi malita atatu pa mtengo. Masiku otentha kwambiri kuli mphepo youma mwina mudzafunika kuwonjezera pang'ono madzulo. Mbande zongookera kumene theka la thanki likwana, ndipo miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi zimachepanso. Izi munene poyera pamaso pa atcheya ndi komiti yonse chifukwa zikubweretsa funso lenileni la gulu, ndani azidzadza ndowa 50 tsiku lililonse, ndi pampu yanji, ndipo chitsime chanu chimafika Novembala chisanaphwe? Magulu ambiri amakangana pamenepa osati pa mapaipi. Pampu ya sola kapena thiredo pampu, zilizonse, koma ndandanda wa odzadza thanki ulembedwe tsiku lomwelo. Tomato akamamwa lero mawa ayi mkuja kwambiri amang'ambika, ena amaola kumatako kuja kumada, nde pamsika wa Wakawaka mavenda akupatsani mtengo wa chisoni.

Tsopano nambala imene imanamiza anthu ophunzira omwe. Pa mpukutu wa paipi kapena pakona pa chithunzi pamalembedwa kuti kabowo kamatulutsa malita angati pa ola, tinene malita 2. Nambala imeneyo nthawi zambiri anayezera pa puleshala ya baa imodzi, ndiye kuti thanki ili mamita 10 m'mwamba. Inu muli pa mamita 2 kapena 3, nde kabowo komweko kazitulutsa pafupifupi lita imodzi pa ola, mwina kuchepera pang'ono. Munthu akawerengera malita 2 adzatseka valuvu mbewu zitamwa theka lokha. Tikatenga lita imodzi, buloko ya mizere isanu ili ndi timabowo 330, ikutulutsa malita 330 pa ola, ndiye theka la thanki litenga ola limodzi ndi theka, mabuloko awiri maola atatu. Mukayamba 6 koloko m'mawa pofika 9 mwamaliza, ndipo nthawi yonseyo munthu akhoza kumapalira kapena kumangirira tomato ku mitengo.

Koma musakhulupirire nambala yanga, muyeze, ndipo kuyezaku ndi kumene kukhale pakati pa phunziro lanu. Ngati kungatheke yalani mzere umodzi wokha Lachitatu. Tengani mabotolo atatu a madzi akumwa aja a theka la lita, kumbani timaenje muwaike pansi pa kabowo koyamba, ka pakati ndi komaliza. Mutsegule madzi anthu akungofika, asanapemphere nkomwe, pamene muzimaliza kuyankhula ndi mafunso theka la ola lakwana, nde nonse mupite mukaone. Botolo likadzadza theka la lita mu mphindi 30 ndiye kuti ndi lita imodzi pa ola. Chofunika kwambiri nkuyerekeza atatuwo, muwaimike pamodzi pa malo osalala aliyense aone. Akafanana kapena kusiyana pang'ono zili bwino. Lomaliza likachepa moonekeratu, tinene loyamba ladzadza ilo langopitirira theka, pali vuto, ndipo mufufuze motsatira madzi momwemo, sefa yada, paipi yapindika pena pake, pali pobooka pamene pakuchucha, kapena mzere ukukwera. Onse atatu akachepa mofanana vuto lili kumutu, pa sefa kapena valuvu sinatsegulidwe yonse. Kabowo kamodzi kokha kakauma tinzake toyandikana tikudontha, kameneko katsekeka. Mlimi amene wamva zimenezi sadzafunikanso kukuimbirani foni pa chilichonse.

Mabotolo aja mukamaliza mutengenso khasu. Pali chinthu chimavuta kwambiri kwa munthu amene wakhala zaka akuthirira ndi keni, amaona kabwalo kakang'ono konyowa pamwamba, pena ponse pouma, mtima sukhazikika nde madzulo amabwera mwakachetechete nkuthira keni pamwamba. Kumbani pambali pa kabowo aone mmene chinyezi chayendera pansi, pa dothi la katondo chimafalikira m'mbali ngati mphika, pa la mchenga chimatsika molunjika ngati chinangwa, ndiye pa mchenga ndi bwino kugawa madzi omwewo kawiri m'mawa ndi madzulo. Mayi mmodzi atenge dothi la pansilo afumbate, likagwirana osachucha madzi ndiye kuti lakwana. Muwauzenso ubwino umene akuupeza posanyowetsa masamba, matenda a masamba a tomato monga chiwawu amakonda tsamba lonyowa, keni ija ndi imene imawathandiza.

Kumapeto kwa mzere uliwonse pachithunzipo pali kachizindikiro, mwina kamtanda kapena ngati nambala 8. Ambiri amangodumpha koma musadumphe.

"Uku ndi kumchira, paipi tapinda nkumanga. Tisadule kapena kumata ndi moto ayi chifukwa tizitsegula. Tsiku loyamba tisanatseke tisiye madzi athamange atulutse zinyalala za poboola paja, kenako masabata awiri aliwonse tizitsegula mizere iwiri iwiri mpaka madzi atuluke oyera."

Mizere iwiri iwiri chifukwa mukatsegula yonse mphamvu igawikana, madzi azingoyenda mwaulesi osakokolola matope.

Wina adzafunsa za feteleza, kuti tingathire mu thanki? Yureya amasungunuka yense, ameneyo zimatheka mutamusungunula kaye mu ndowa nkusefa, kenako nkutsirizira ndi madzi oyera. Koma wokulitsa uja wa chitowe ndi D kompaundi amasiya zinyenyeswa zosasungunuka, madzi a manyowa ndiye asayerekeze nkomwe, zimenezo ziikidwe m'nthaka pokonza mabedi. Pa tsiku loyambali yankhani mwachidule choncho, nkhani ya feteleza wa m'madzi ikufuna tsiku lake lokha.

Zina zing'onozing'ono mungotchula podutsa. Khasu ndi limene limadula mapaipi ambiri, pafupi ndi mzere azizula udzu ndi manja. Makoswe amaluma paipi nthawi ya chilimwe pofuna madzi, ndiye pakhale timajoini tapadera tingapo mu kachikwama ka gulu, podukapo adule bwino nkulumikiza, osamanga ndi mphira wa njinga chifukwa umachucha ndipo mphamvu ija imathera pomwepo. Mvula ikayamba mapaipi atsukidwe, akulungidwe, asungidwe m'nyumba pamalo poti makoswe safika.

Mphindi zanu 20 zikwana mukapanda kuchedwa ndi malonje, thanki ndi botolo lobooka zitenge zinayi, sefa zisanu, mizere ndi mabuloko zisanu, zotsalazo za madzi a pa tsiku ndi kumchira. Kenako tulutsani pepala lija mulipereke kwa mayi kapena bambo amene sanayankhulepo chiyambire, mumupemphe aike chala pa thanki ayende nacho mpaka pa kabowo komaliza akutchula chilichonse wadutsa m'mawu akeake, olo sefa aitche kansefa, valuvu aitche mpopi, musamukonze dzina bola ntchito yake wanena yoona. Pamene chala chake chaima nkuyang'ana kwa inu, pamenepo mubwerezenso muli pa chithunzi cha pansi chija, mutagwira chipangizo chenichenicho m'manja.